Pepala la mlandu lija ndinalisunga m'thumba masabata awiri osalimvetsa

Ndinkagwira ntchito pa holoselo ina ku Limbe, ntchito yanga inali yoperekeza katundu pa lole kupita kumagolosale a ku Bangwe, Machinjiri ndi Ndirande, nkumatolera ndalama kwa makasitomala nkukasiya ku ofesi madzulo. Ndinagwira zaka zinayi popanda vuto lililonse. Mwezi wa Meyi mwana wanga wamkazi anadwala kwambiri, anamugoneka ku Gulupu, ndipo panali mankhwala ena oti tigule ku famase kuphatikiza thiransipoti ya mayi ake tsiku ndi tsiku. Tsiku lina Lachisanu ndinatolera ndalama ku Bangwe, ndinatapapo K120,000, mumtima ndikuti pakutha pamwezi ndikalandira ndibweza osadziwika. Sindinauze munthu, sindinalembe mubuku la adivansi ngakhale bukulo linalipo. Ichi ndinachita ndipo sindikubisa.

Kumapeto kwa Juni kunabwera owerengera katundu, nde anapeza shoteji yaikulu, ya ndalama komanso shuga. Lolemba m'mawa ndikufika pantchito ndinapeza apolisi awiri akundidikira. Ku polisi anandiuza kuti ndili ndi ufulu wokhala chete koma ine ndi mantha aja ndinangoyamba kuyankhula, ndinati inde ndinatengapo ndalama mwana atadwala, iwo nkulemba mu Chingerezi, ine nkusaina koshoni sitetimenti ija osapempha kuti andiwerengerenso bwinobwino mu Chichewa. Musadzasaine choncho abale. Muuzeni wolembayo awerenge mzere ndi mzere, ndipo ngati mwatchula ndalama onetsetsani kuti nambala yalembedwa yomwe mwanenayo. Mwayi wanga unali woti nambala ya 120,000 inalembedwadi, ndipo inadzandithandiza kutsogolo.

Lachitatu anatitengera ku khoti la majisitireti. Malamulo oyendetsera dziko, gawo 42, amati munthu womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo kwa ine zinatsatidwa. Tili m'kachipinda kodikirira, anzanga omwe ndinagona nawo m'selo ankangondiuza kuti aise ungovomera, ukavomera amakumvera chisoni, ukakana umakavunda pa rimandi. Ine ndinali nditatopa, ndisanasambe masiku awiri, ndikuganiza za mwana, ndiye ndinalowa m'khoti nditatsimikiza kale kuti ndivomera chilichonse bola zithe.

Anawerenga mlandu mu Chingerezi, womasulira nkunena mu Chichewa. Zomwe zinalowa m'khutu mwanga ndi mawu akuti kuba uli pantchito basi, kenako ndinamva 1,850,000 ndipo miyendo inazizira. Atandifunsa kuti ukuvomera kapena ukukana, ndinati ndikuvomera bwana koma ine ndinatenga 120,000 yokha ndipo ndimafuna kubweza. A majisitireti anaika cholembera pansi nkunena kuti khoti lalemba kuti mwakana mlandu. Ine ndinadabwa mpaka kukhumudwa, ndimaona ngati sanandimve. Anawerenganso mlandu wachiwiri wa mabelo 20 a shuga, uwo ndinaukana ndithu chifukwa sindinkadziwapo kanthu. Za belo yoti ndizizengedwa mlandu ndikuchokera kunyumba anati ndibweretse anthu awiri ondiimira, koma abale anga anali asanakonzeke, nde anandipititsa pa rimandi ku Chichiri. Potuluka ndinapempha pepala la mlandu, anandipatsa kope, ndinalipinda kanayi nkuika m'thumba.

Pepalalo ndi lomwe amalitchula kuti chaji shiti. Ndinaphunzira mpaka Fomu 4, Chingerezi ndimawerenga, koma Chingerezi cha pamenepo ndi china. Usiku ndinkalitulutsa nkumaliyang'ana, ndipo munthu wina yemwe anakhalitsa mkatimo atangoona nambala 286 anati mphwanga apa ndi zaka 14. Masiku atatu otsatira nsima sinkadutsa pakhosi. Ndinkawerengera kuti mwana wanga pa nthawi yomwe ndizidzatuluka adzakhala ndi zaka 20.

Sabata yachiwiri kunabwera mayi wina, paraligo, mwa anthu aja amayendera omwe ali pa rimandi kuwafotokozera za malamulo. Nditapeza mpata ndinawapatsa pepala lija, linali litayamba kale kung'ambika m'mopinda. Analiyala pabondo nkuliwongola ndi chikhatho, nkundiuza kuti achimwene khalani apa tiwerengere limodzi, musathamangire nambala ya zaka, tiyambire pamwamba.

Pamwamba penipeni pamakhala dzina la khoti, nambala ya mlandu ndi chaka, kenako dzina lanu, zaka, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lomwe mumachokera. Anandiuza kuti nambala ya mlanduyo ndiiloweze pamtima ndipo ndiwauze abale anga, chifukwa kwa kalaliki wa khoti ukangopita ndi dzina amavutika kupeza fayilo, koma ndi nambala sizichedwa. Kenako anandionetsa kuti pepala langa lili ndi makaunti awiri. Kaunti iliyonse ndi mlandu paokha, umayankhidwa paokha, umboni wake ndi wakewake ndipo chilango chake ndi chakenso. Munthu utha kupezeka wolakwa pa umodzi nkumasulidwa pa winawo. Ine nthawi yonseyi ndimaona ngati ndi chimlandu chimodzi chachikulu.

Pansi pa kaunti iliyonse pali zigawo ziwiri. Choyamba ndi chachifupi, chimangotchula dzina la mlandu ndi gawo la lamulo lomwe akuti mwaphwanya. Panga panalembedwa kuti kuba kochitidwa ndi wantchito, kenako timalemba c/s tomwe timatanthauza kuti motsutsana ndi gawo lakuti, ndiye 278 powerenga pamodzi ndi 286(1) ya Pino Khodi, buku lija la milandu ndi zilango zake. Chigawo chachiwiri ndi chomwe amati mapatikyula, apa ndi pomwe boma limafotokoza nkhani yake, kuti ndani, liti, kuti, anatenga chiyani, cha ndani, cha mtengo wanji. Panga pankati ine, pakati pa mwezi wa Malichi ndi Juni, ku Limbe mumzinda wa Blantyre, ndili wantchito wa kampani yakutiyakuti, ndinaba K1,850,000 ya bwana wanga.

Mayi aja anaika chala pa mapatikyulawo nkunena kuti mukati ndikuvomera, simukuvomera kuti munalakwapo penapake ayi, mukuvomera mzere wonsewu momwe uliri, miyezi inayi yonse ndi ndalama yonse. Apa mpomwe ndinamvetsa zomwe anachita a majisitireti tsiku lija. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu, gawo 251, limati khoti lisanalembe kuti munthu wavomera liyenera kukhutira kuti akumvetsa chomwe akuvomera ndi zotsatira zake, komanso kuti akuvomera popanda mawu akuti koma. Ine ndinaika koma. Kamawu kameneko kanandipulumutsa ku 1,850,000 yomwe sindinaigwire. Ndikanangoti ndikuvomera nkukhala chete monga ankandilangizira anzanga, panatsala mpata umodzi wokha, pomwe apolosekyuta amafotokoza nkhani yonse nkukufunsa ngati zili zoona, ndipo momwe ndinaliri tsiku lija ndikudziwa kuti ndikanangoti ndi zoona bwana.

Kenako tinalowa mu manambala aja. Anandiuza kuti tanthauzo la kuba lili pa gawo 271, gawo 278 ndi lomwe limapereka chilango cha kuba wamba chomwe ndi zaka 5, pomwe 286 imakweza chilangocho kufika zaka 14 ngati wakubayo ndi wantchito ndipo chomwe waba ndi cha bwana wake kapena chinafika m'manja mwake m'malo mwa bwanayo. Nchifukwa chake amalemba magawo awiri pamodzi, lina likunena za kuba, linalo likunena chomwe chakulitsa mlanduwo. Kwa ine ndalama za makasitomala a ku Bangwe zija zinali zisanafike ku ofesi, koma ndinazilandira m'malo mwa kampani, nde zinali kale mkati mwa 286.

Anatenga pensulo nkulemba kuseri kwa pepala langa zinthu zomwe boma liyenera kutsimikizira khoti kuti munthu apezeke wolakwa pa mlandu umenewu, ndipo pachilichonse ankandifunsa kuti apa inu mukuti bwanji. Kodi munalidi wantchito wawo? Ndinati eya, kalata ya ntchito ilipo, ndimalandira pamwezi. Anati chabwino, icho palibe chokangana, koma mudziwe kuti anthu ena amaikidwa 286 pomwe sanali antchito, anali ongogula katundu pa oda nkumakagulitsa okha, ndipo zikatero mlandu wa zaka 14 sukhala, umatsikira ku wina. Kodi ndalamazo zinali za bwana kapena munazilandira m'malo mwake? Eya. Kodi munatengadi kapena kuzigwiritsa ntchito yanu? Ndinati 120,000 inde, zinazo ayi. Kodi munali ndi chifukwa chokhulupirira moona mtima kuti ndalamazo ndi zanu kapena kuti mwaloledwa, mwina anakuuzani kuti tengani mudzalembetsa, mwina munali ndi malipiro omwe mumakhulupirira kuti mukudzilipira? Ndinaganiza kwa nthawi, mayesero onama analipo, koma ndinati ayi mayi, palibe anandiloleza.

Chomaliza chinali cholinga, kuti kodi munatenga mwachinyengo. Apa ndi pomwe ndinali ndi chiyembekezo changa chonse, ndinati mayi ine sindine wakuba, ndimafuna kubweza pa 30, ndinangobwereka. Anandiyang'ana mwachifundo nkunena kuti achimwene, ndikuuzeni zoona ngakhale zikuwawa. Pa katundu wamba, boma nthawi zambiri limayenera kuonetsa kuti mumafuna kumulanda mwini wake mpaka kalekale. Koma pa ndalama gawo 271 linanena mosabisa kuti ukatenga ndalama ya munthu nkuigwiritsa ntchito momwe ukufunira iwe, ndi kuba ndithu ngakhale unali ndi maganizo odzabweza. Mawu akuti ndimafuna kubweza angathandize pa nthawi yopempha kuti chilango chichepe, koma sakuchotsa mlandu.

Izi zinandipweteka kuposa zaka 14 zija, chifukwa mpaka nthawi imeneyo mumtima mwanga ndinali munthu wobwereka amene zinangomuvuta. Ndikudziwa kuti ambiri ogwira m'mashopu, m'mafilingi siteshoni, ma ejenti a ndalama za pafoni, osunga ndalama za banki m'khonde, amachita zomwe ndinachitazi nkumati ndibweza mawa. Sindikuweruza munthu, mavuto ndikuwadziwa. Koma lamulo silikuona ngongole pamenepo. Buku la adivansi lija linali pa tebulo la akawuntanti, kungolembetsa mzere umodzi bwenzi nkhani yonseyi kulibe.

Ndiye tinabwera pa ndalama yotsala ija ndi shuga. Anandifunsa kuti ndani wina amatolera ndalama, ndinati tilipo atatu. Makiyi a stolo amasunga ndani? Ndinati kapitawo ndi mnyamata wa stolo, ine ndimangolandira katundu wowerengedwa kale pa geti nkusainira pa delivale noti. Anati shoteji payokha si umboni woti inuyo munaba. Boma ndi lomwe lili ndi udindo wotsimikizira khoti popanda chikaiko chomveka kuti ndalamazo ndi shugayo zinadutsa m'manja mwanu ndipo zinathera kwa inu, si inu woti mutsimikize kuti simunabe. Anandilangiza kuti mboni zikamadzabwera ndidzazifunse za marisiti buku, kuti ndani analemba lisiti lililonse, komanso madelivale noti a masiku omwe akuti shuga anasowa.

Za zaka 14 anandimasulira kuti nambala yomwe imalembedwa m'lamulo ndi denga, khoti silingapitirire pamenepo, koma sikuti aliyense amalandira imeneyo, imasungidwira milandu yoipitsitsa. Khoti limayang'ana kuchuluka kwa zomwe zinabedwa, ngati zinabwezedwa, ngati munthuyo ndi koyamba kupalamula, ngati wavomera msanga osataya nthawi ya khoti, komanso momwe anachitira. Kuvomera msanga nthawi zambiri kumachotsako mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango. Anatchulanso magawo 339 ndi 340 a lamulo la kayendetsedwe ka milandu, omwe amalola khoti kuimika chilango cha ndende, ndipo amati wopalamula koyamba asathamangiridwe kundende pokhapokha palibe njira ina yoyenera. Koma sanandinamize, anati kuba pantchito makhoti amakutenga mozama chifukwa bwana anakukhulupirira, ambiri amalowa ndithu, nde musadzione ngati mwatuluka kale.

Belo inatheka patatha masiku 16. Chinachedwetsa si khoti, ndi ife. Achimwene anga aakulu anabwera tsiku loyamba opanda chitupa cha unzika, ulendo wachiwiri munthu wachiwiri wondiimira sanabwere. Ondiimira amafunsidwa mafunso ndi khoti, komwe amakhala, ntchito yomwe amagwira, ubale wawo ndi iwe, nde akonzekeretu ndipo zitupa zikhale m'manja. Ndinapereka K50,000 ya belo yomwe mlamu wanga anabwereka, nkuuzidwa kuti ndizikaonekera ku polisi Lachisanu lililonse pakatha masabata awiri. Lisiti la ndalama imeneyo lisungeni ngati mwana, ndi lomwe mumakatengera ndalamayo mlandu ukatha ngati simunaphwanye malamulo a belo.

Nditatuluka ndinapita kwa a Ligo Eidi, omwe amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Ndinadzaza mafomu ofotokoza momwe ndimapezera, ndipo patapita masabata angapo anandipatsa loya wachinyamata. Nditamuonetsa pepala lija ndi zolemba za pensulo kuseri, anamwetulira nkuti ntchito ina yachitika kale. Iye ndi amene anapempha kuti boma litipatse makope a masitetimenti a mboni ndi lipoti la owerengera katundu, zomwe ine sindinkadziwa nkomwe kuti munthu woimbidwa mlandu angapemphe.

Mlandu unatenga miyezi isanu ndi iwiri. Ndinapita kukhoti maulendo 9, ndipo anayi mwa amenewo sipanachitike kanthu, mwina mboni sinabwere, mwina fayilo ili kwina, mwina a majisitireti ali ku msonkhano. Ulendo uliwonse ndi minibasi ziwiri kuchokera ku Ndirande, ine ndi mkazi wanga, ndipo tsiku lonse lapita osagwira ganyu. Ntchito inali itatha kale, tinasamuka nyumba ya zipinda ziwiri kupita ya chipinda chimodzi, wailesi ya kanema tinagulitsa. Koma sindinajombe ngakhale tsiku limodzi, chifukwa ukajomba amatulutsa chikalata chokumanga ndipo belo imathera pomwepo.

Zinthu zinatembenuka tsiku lomwe akawuntanti wa kampani anaima mu bokosi la mboni. Loya wanga anamupatsa marisiti buku nkumufunsa lisiti ndi lisiti kuti dzanja ili ndi la ndani. Zinapezeka kuti pa ndalama zomwe zinasowa, zomwe ndinalandira ine ndi dzanja langa nkusafika ku ofesi zinali za Lachisanu lija basi, 120,000, yofanana ndendende ndi yomwe ndinanena ku polisi tsiku loyamba. Zinazo zinali m'mabuku a anthu ena, ena mwa marisitiwo analembedwa masiku omwe ine ndinali ku chipatala ndi mwana. Pa shuga, kapitawo anavomera yekha kuti ine ndinalibe makiyi ndipo madelivale noti anga onse anali ogwirizana ndi zomwe makasitomala analandira.

Zitatero apolosekyuta anapempha kusintha kaunti yoyamba. Ichinso sindinkadziwa, kuti chaji shiti imatha kusinthidwa mlandu uli mkati, gawo 151 limalola, ndipo ikasinthidwa amakuwerengeranso nkukufunsanso kachiwiri ngati ukuvomera kapena kukana. Anandipatsa pepala latsopano, ndipo ulendo uno ndinapempha mphindi zochepa, ndinakhala pa benchi ndi loya nkuliwerenga ndekha mzere ndi mzere ndi chala. Dzina la mlandu linali lomwe lija, magawo omwe aja, koma mapatikyula anali atasintha, tsiku limodzi la mwezi wa Meyi, K120,000. Mzere uliwonse unali woona. Ndinaimirira nkunena kuti ndikuvomera bwana, popanda koma. Pa kaunti ya shuga, boma litamaliza mboni zake khoti linati ndilibe mlandu woti ndiyankhe, nkundimasula pa umenewo.

Ndalama ija tinali titaisonkhanitsa kale pang'onopang'ono, mkazi wanga ankagulitsa mandasi ndi zitumbuwa pa msewu, achimwene anawonjezerapo 40,000. Loya anandilangiza kuti ndisakapereke mwamseri kwa bwana poganiza kuti mlandu uthera pomwepo, chifukwa mlandu ukafika kukhoti ndi wa boma, koma tibweze poyera pakhale lisiti ndipo khoti lidziwe. Tinatero. Pa nthawi ya madandaulo loya anatchula kuti ndi koyamba, ndabweza zonse, ndinanena zoona kuyambira ku polisi, anaonetsanso buku la kuchipatala la mwana ndi masiku omwe ndinakhala pa rimandi.

A majisitireti anati kudwala kwa mwana sikupatsa munthu ufulu wotenga za bwana wake, ndipo anandiyang'ana m'maso ponena zimenezo. Anandipatsa miyezi 12 yokagwira ukaidi, koma anaiimika kwa zaka ziwiri, kutanthauza kuti ndipite kunyumba koma ndikapalamulanso mlandu wofanana nawo mkati mwa zaka ziwirizo, miyezi 12 ija ndikaigwira kuphatikiza chilango chatsopano. Mkazi wanga analira mokweza mpaka wapolisi wa pakhomo anamutulutsa panja kuti akapume.

Anthu ena kwathu amati ndinawina mlandu, ine ndimawakonza kuti ayi, ndinapezeka wolakwa, dzina langa lili m'mabuku, ndipo malo awiri omwe ndinakafunsirako ntchito anafuna kalata ya ku polisi yoonetsa mbiri yanga, ndinangobwerera pa geti. Pano ndikugulitsa zitsulo za njinga mu msika wa Ndirande pa benchi ya mlamu wanga. Mwana anachira, ali Sitandade 2.

Mwezi wathawu mayi wina woyandikana naye nyumba anabwera madzulo ndi pepala la mwana wake wamwamuna, lopindidwa kanayi ngati langa lija, akuti amva kuti ine ndimazidziwa. Ndinawauza kuti mayi ine si loya, mawa ndikuperekezani kwa a Ligo Eidi, koma khalani pansi tione kaye kuti makaunti ndi angati ndipo akuti anatenga chiyani, liti. Tinayatsa tochi ya pafoni chifukwa magetsi anali atazima, ndipo tisanafike ndi pakati pomwe mayiwo anandigwira dzanja nkuti dikirani, tsiku alemba apali mwanayu anali ku maliro ku Thyolo ndi ine.